Nkhuku za Mayi Muhiwa Zinalowa mu Ndakatulo

Ku fakitale ya tiyi,
Mulanje.
Lamulungu, 14 Sepitembala.

Okondedwa amalume a Kingstone,

Landirani moni wanga wochokera pansi pa phiri. Kodi mwadzuka bwanji kumeneko ku Mzuzu, inu ndi azakhali? Nanga bondo lija linasiya kuvuta, kapena mukukwerabe masitepe a ku tchalitchi chammbali? Asuweni anga Prince ndi Janeti ndikhulupirira ali bwino ndipo sukulu ikuyenda.

Ife kuno tili bwino ndithu. Mlongo wanu, mayi anga, ali ndi mphamvu zawo ku Chonde. Nandolo wachita bwino chaka chino moti akudandaula kuti matumba achepa. Kwayamba kutentha, ndipo tiyi m'minda wachepa, tikungodikira mvula.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Nkhani iyi si ya pa foni, amalume. Pa foni mukanandidula pakati n'kuyamba kundiseka, ine n'kuiwala pomwe ndinalekezera. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, mukalipe mukamaliza.

Ndiyambe ndi kuulula. Ndili ndi mnzanga amene ndikufuna kumanga naye banja. Dzina lake ndi Takondwa, amaphunzitsa pa pulayimale pafupi ndi Chitakale. Tadziwana chaka ndi miyezi inayi. Ndikudziwa kuti pano mwavula magalasi, koma avaleninso, chifukwa nkhani sinayambe.

Takondwayo ndi mwana wa mayi Esther Muhiwa, amene ndagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa fakitale pano. Ine ndine kalaliki chabe wa mu ofesi. Iwo ndi amene amalawa tiyi asanapakidwe. Amayala makapu oyera mumzere, kuthira masamba oyezedwa bwino, madzi owira, kuvundikira mphindi zisanu. Kenako amayang'ana mtundu, kununkhiza masamba onyowawo, kutunga ndi supuni n'kukoka mwaphokoso kuti fyuuu, n'kulavulira m'chitini. Akati tiyi uyu wapsa, ndiye kuti wapsa, ngakhale bwana atuluke thukuta.

Munthu wotero ine ndinkamuopa. Chaka chonsechi ndimaperekeza Takondwa n'kuthera pa mpanda wa nyumba yawo ya kampani, osalowa. Tinagwirizana kuti tisawauze kufikira atapuma pa ntchito, kuti ndisamachite kunjenjemera m'khonde la ofesi tsiku ndi tsiku. Tikatero ndidzabwere mwaulemu, ndi akuluakulu anga.

Tsono mwezi wathawu kalata inabwera yoti mayi Muhiwa akupuma, atagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi. Komiti ya phwando inakhala pansi. Wapampando wake ndi a Wyson a ku sitolo, ndipo sanachite kufunsa. Anangondipeza pa desiki n'kunena kuti ndakatulo ndi yanga monga mwa masiku onse, ikhale yoseketsa, isapitirire mphindi zisanu.

Mukudziwa kuti pakamwa pangapa ndinatengera inu. Aliyense akamachoka pano, ndakatulo ndimalemba ndine, ndipo iyi inali yachisanu ndi chiwiri. Koma taganizani, amalume: kuimirira pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi n'kumaseka munthu amene mawa ndikufuna akhale apongozi anga. Kwathu kuno apongozi timawapatukira njira, sitiwanena nthabwala pa maikolofoni. Akanakhumudwa, za ine ndi Takondwa zikanathera mu kantini momwemo.

Kukana sindikanatha, chifukwa akanandifunsa chifukwa chake. Kulemba yongotamanda nakonso kukanandiulula. Anthu akanati Hopeson wadya chiyani lero, mano ake apita kuti. Ndinangoti wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima, n'kutenga cholembera.

Musaganize kuti ndakatulo yotsanzika munthu imangogwa kumwamba. Ili ndi malamulo ake, ndipo ndinawaphunzira movutikira. Choyamba ndimayenda ndi kabuku sabata yonse, kufunsa anthu zomwe amakumbukira za munthuyo. Ndinapita ku ng'anjo komwe amaumitsa tiyi, kosefera, kwa alonda pa geti, mpaka kwa amayi ophika. Ndinabwerako ndi nkhani makumi awiri ndi zitatu.

Kenako ndimapeta. Za thupi la munthu, za matenda, za m'banja, ndi zomwe zinamulembetsa kalata yochenjeza, zonsezo ndimataya. A Christobel otayipa anandipatsa ya tsiku lomwe mayi anagwa pa kabaza m'matope, akuseka mpaka misozi, koma ndinaikana. Wina anati ndilembe za mkangano wawo ndi manijala wakale. Imeneyonso ndinaikana, chifukwa pa phwando pamakhala mabwana, ndipo wopita asasiye moto kwa otsala.

Lamulo lalikulu ndi ili: umaseka chokhacho chomwe aliyense akuchidziwa kale, chomwe mwini wakenso amadziseka nacho. Anthu amaseka chifukwa azindikira, n'kumagundana zigongono kuti eeh ndi iwowo. Ukatulutsa chobisika ndiye kuti wayamba miseche. Lamulo limeneli ndimaphunzitsa anzanga ndine, amalume.

Pa makumi awiri ndi zitatu zija zinatsala zitatu: kulavula kwawo, mphuno yawo yomva fungo patali, ndi khalidwe lawo lonyoza tiyi wa ku maukwati. Chilichonse ndinachipatsa ndime yake. Ndinaikamo kolasi yoti anthu aziyankha, chifukwa anthu akamayankha sayang'ana mapoto a chakudya. Kumapeto ndinasiya ndime yopanda nthabwala, yoti munthu apite nayo kwawo.

Ndikalemba ndimawerenga mokweza kuseri kwa shedi ya nkhuni, wotchi ili m'manja. Mzere ukandithera mpweya ndimaudula. Pomwe ndikuyembekeza kuseka ndimaika kamtanda, kuti ndiime kaye, chifukwa ukapitiriza anthu akuseka mzere wotsatira umafa. Ndinapeza mphindi zitatu ndi theka, kusiya malo a phokoso.

Chomaliza, ndakatulo iliyonse ndimakaiyesa kwa a Pilato, dalaivala wa thirakitala, amene anayamba ntchito chaka chimodzi ndi mayi Muhiwa. Iwo amadziwa pomwe munthu aliyense amamva kuwawa. Lachitatu pa nkhomaliro ndinawawerengera atakhala pa tayala. Anagwedeza mutu nati ndi yabwino, palibe chopweteka, koma pakatipo mchere wachepa. Anandifunsanso ngati ndayamba kuopa azimayi.

Mawu amenewo anandilowa m'mutu ngati chiswe. Ine Hopeson, mchere kuchepa? Apa ndi pomwe satana wa alakatuli anandipeza.

Miyezi iwiri kumbuyoku, tikuchokera ku msika wa Chitakale, Takondwa anandiuza chinsinsi cha kwawo. Anati mayi ake nkhuku zawo zonse anazitcha mayina a anthu a ku ntchito, malinga ndi khalidwe, ndipo m'mawa amazikalipira ngati ali pa msonkhano. Ndinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Iye anandigwira khutu n'kunena kuti zimenezi zithere pomwepo.

Lachinayi masana ndinalemba ndime ya nkhukuzo. Inatuluka yokha, yosalala, sindinafufute liwu ndi limodzi lomwe. Kwa a Pilato sindinapite nayo, chifukwa mumtima ndinkadziwa chomwe akananena. Ndinadzinamiza kuti ndingoisindikiza, pa tsikulo ndidzailumpha. Ndinangochotsamo bakha wonenepa amene anamutcha dzina la bwana manijala, poti ntchito ndikuifunabe.

Lachisanu pa 5 Sepitembala phwando linayamba 2 koloko masana mu kantini. Matebulo anayala nsalu zoyera, pakhoma mabaluni. Kunali mpunga, nkhuku, kabichi, ndipo amayi ophika anawonjezera kalongonda poti mayi Muhiwa amamukonda. Iwo anakhala ku tebulo lapamwamba atavala chilundu chobiriwira ndi duku lake, kumanja kwawo bwana manijala. Kumanzere kwawo, amalume, kunali Takondwa. Anapempha kuweruka msanga kusukulu osandiuza, kuti adzandimve ndikulakatula.

Pulogalamu inayenda monga mwa nthawi zonse. Pemphero, kenako a Wyson kulandira alendo, kenako a Christobel kuyankhula m'malo mwa ogwira ntchito. Ndakatulo imabwera pambuyo pa zimenezi, mabwana asanayankhule ndiponso mphatso zisanaperekedwe, kuti anthu adzuke. A Wyson ataitana dzina langa, ndinapita kutsogolo pepala lili m'manja.

Ndinayamba ndawaphunzitsa kolasi. Ndinati ndikafunsa kuti akalawa, onse akoke mpweya n'kulavula, koma mouma, asanyowetse anzawo. Tinayesa kawiri, anthu n'kuyamba kale kuseka. Ndakulemberani yonse kuti muweruze nokha:

Mayi Muhiwa akupita, fakitale tamvera!
Zaka makumi atatu ndi chimodzi,
Supuni m'thumba, lilime pa ntchito.
Ena pano analembedwa chifukwa cha manja,
Ena analembedwa chifukwa cha msana,
Awa okha analembedwa kuti azilavula.
Ife tikalavula, mlonda atigwira;
Awa akalavula, bwana alemba m'buku.
Akalawa?
Fyuuu, thu!

Iwo ali pa geti, mphuno yafika kale ku ng'anjo.
Asanapereke moni afunsa, wapsereza ndani?
A ku ng'anjo akaona ambulera yawo ikubwera
Amayamba kulapa machimo a dzana.
Akalawa?
Fyuuu, thu!

Mukawaitana ku ukwati, apatseni thobwa.
Tiyi musayerekeze, mudzalira.
Adzaiyang'ana kapu ngati ili ndi mlandu,
Adzainunkhiza, adzapukusa mutu,
N'kuuza mkwatibwi pa tsiku lake lomwe:
Madzi sanawire, mwanangu.
Akalawa?
Fyuuu, thu!

Amalume, kantini inagwedezeka. Anyamata a ku ng'anjo ankamenya matebulo. Bwana manijala naye ankayankha kolasi, tayi ili pa phewa. Ndinaba diso n'kuona mayi Muhiwa akuseka atabisa pakamwa ndi mpango, ndipo Takondwa akundiyang'ana monyadira.

Pamenepo ndinafika pa ndime ija. Chala changa chinali kale pa ndime yomaliza, ndikulumbira. Koma kuseka kwa anthu kumaledzeretsa kuposa kachasu. Ndinamva pakamwa panga pakunena:

Musawalirire kuti kumudzi akasowa ocheza nawo,
Ofesi yonse anaisamutsira kale m'khola.
Kuli tambala, dzina lake Wyson,
Amalira kuti kwacha dzuwa lili pamutu.
Kuli thadzi, dzina lake Christobel,
Dzira limodzi, mudzi wonse umva.
Kuli nkhuku yakalekale, dzina lake Pilato,
Mpeni ukaiona umabwerera wokha.

Za nkhukuzo palibe ankadziwa. Choncho a Pilato anafunsa mokweza ngati zimenezi n'zoona, ndipo mayi Muhiwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono kuvomera. Basi, chipwirikiti. A Wyson, amene sanafikepo pa ntchito belu lisanalire, anaimirira n'kukupiza manja ngati mapiko. A Christobel anati akasuma, koma akupukuta misozi ya kuseka.

Anthu awiri okha sankaseka. Takondwa anali ataweramira mbale yopanda kanthu. Mayi Muhiwa anachotsa mpango pakamwa, nandiyang'ana ine, natembenuka kuyang'ana mwana wawo, nabwereranso kwa ine. Anandiyang'ana momwe amayang'anira kapu yokayikitsa. Kolasi ya ndime imeneyo ndinaiiwala n'kuiwala.

Ndime yomaliza ndinaiwerenga ndi mantha, koma anthu ankaganiza kuti ndi chisoni chabe:

Koma tikaseka tiseke, choona tinene.
Tiyi woipa sanadutsepo pa lilime ili,
Ngakhale galimoto idikire pa geti.
Ankati wotchola wanyowa ndi mame kuyambira m'mawa,
Thukuta lake tisaliwonongere pa moto.
Ndani anadwala pano osaona ambulera ija pakhomo?
Ndani anayamba ntchito osaphunzira kwa iwo?
Pitani bwino, mayi, mukapume.
Mvula ya m'phiri ikakupezeni ku munda.
Lolemba makapu adzayalidwa mumzere,
Ife tidzatchera khutu m'khonde,
Ndipo m'chipinda muja mudzangoti zii.

Anawomba m'manja nthawi yaitali. Amayi ophika analulutira, ena akulira. Ine ndinapinda pepala, n'kukapereka kwa mwini wake ndi manja awiri monga timachitira, poti ndakatuloyo imakhala yake. Analandira, naika m'chikwama.

Zomwe bwana manijala anayankhula sindinamve ngakhale liwu limodzi. Mphatso zinabwera anthu akuvina mumzere: zitenje, wotchi ya pakhoma, mapoto, ndi khasu latsopano lochokera kwa alonda. Ine ndinali pa benchi yakumbuyo, Fanta akufunda m'manja. Ndinkangowerengera kuti ndataya mkazi chifukwa cha mizere isanu ndi itatu. Ndinachita mantha enieni, amalume, ndipo ndinadzida.

Kenako inakwana nthawi yoti wopuma ayankhe. Mayi Muhiwa anaimirira, nathokoza Mulungu, mabwana ndi anzawo onse, dipatimenti ndi dipatimenti. Anapepesa a ku ng'anjo chifukwa chowavutitsa, koma anati Lolemba asayerekeze kupsereza poganiza kuti mphuno yapita. Atatero anati mlakatuli walakatula bwino, koma kafukufuku wake ndi woperewera, wasiya ziweto ziwiri.

Choyamba anaulula bakha uja okha. Anati amayenda pang'onopang'ono manja kumbuyo, kuyendera khola lonse osagwira kanthu. Bwana manijala anaseka mpaka kutsokomola, napempha kuti bakhayo asaphedwe pa Khirisimasi. Anthu atakhala chete, mayi anayang'ana ku benchi yakumbuyo nati:

"Palinso katambala kena kakang'ono. Mawu kali nawo okoma, kakalira anthu amasiya ntchito. Koma chaka chonse kamangozungulira mpanda, pachipata sikalowa. Ndinakatcha Hopeson."

Amalume, ndikanakhala ndi dzenje ndikanalowamo. Anthu anayang'ana ine, nayang'ana Takondwa amene anali atafunda chitenje kumutu, ndipo nkhani yonse inamveka popanda wofotokoza. Nthungululu zinalira. A Pilato anandimenya pamsana mpaka Fanta anatayika, akuti ndiye chifukwa chake mchere unachepa.

Pambuyo pake ndinamva kuti katambalako anakatcha dzina mu Janyuwale. Takondwa sanandiuze za iko chifukwa naye sankadziwa, mayi ankakaitana motsitsa mawu. Ife tinkadziona ochenjera, pamene iwo ankationa pa zenera la kukhitchini Lamulungu lililonse.

Komabe kuseka kwa pagulu si yankho. Munthu wamkulu amatha kukuseketsa pa anthu kuti asakuchititse manyazi, n'kudzakukana bwinobwino kuseri. Ndinali nditatulutsa za m'nyumba mwawo popanda chilolezo, ndipo ndinali nditayenda ndi mwana wawo mobisa. Chakudya sichinalowe.

Anthu akubalalika cha m'ma 5 koloko, ndinanyamula mapoto aja kupita nawo ku galimoto yowaperekeza. Pa kanjira ka pakati pa kantini ndi ofesi ndinakumana nawo maso ndi maso, ali ndi a Pilato. Zaka zonsezi akandipeza pamenepo ankati iwe Hopeson, tachoka ndidutse. Tsiku limenelo anapatuka okha, naima pa kapinga, natembenukira kumbali atakokera duku kumaso.

Sanayankhule ndi ine. Anayankhula ndi a Pilato, ine ndili pomwepo ndi mapoto m'manja:

"Auzeni bambowa kuti ndakatulo ndailandira, ndipo ndikaisunga m'Baibulo. Ndakatulo munthu amalemba yekha. Koma mawu enawo sanena yekha, ali ndi eni ake. Kodi amalume awo alipo?"

Ndinatula mapoto pansi n'kunjuta, maso pa nsapato zanga. Ndinayankha kudzera kwa a Pilato omwewo kuti alipo, ali ku Mzuzu. Misozi inatuluka, sindikubisirani. Munthu amene ankanditcha iwe anandipatukira njira ngati mkamwini, ine ndisanapemphe n'komwe.

Takondwa yekha ndiye sanandikhululukire msanga. Masiku atatu foni osayankha. Lachiwiri ndinapita kusukulu kwawo ndi nthochi, ndipo anandiimika padzuwa n'kundiuza zonse zomwe ndili. Anati zatha bwino chifukwa cha mtima wa mayi ake, osati nzeru zanga, ndipo ndikadzatulutsanso za m'nyumba pa maikolofoni adzandiphikira pepalalo ndidye. Ndinavomera, chifukwa sananame. Nthochi analandira.

Dzulo ndinapita ku Chonde kukauza mayi anga. Anayamba andikalipira kuti amve bwanji nkhani yotere anthu a ku fakitale atamva kale. Kenako anavina pabwalo mpaka nandolo kutayika pa mphasa. Atapuma anati iwo sangapite kukayankhula, mwini mbumba ndinu, ndikulembereni msanga.

Ndiye pempho langa ndi ili, amalume. Mayi Muhiwa akutuluka m'nyumba ya kampani kumapeto kwa mwezi uno, kupita kumudzi kwawo kufupi ndi Muloza. Atumiza mawu kuti mchimwene wawo, a Ishmael, amene ndi amalume a Takondwa, adzakhala pakhomo Loweruka pa 4 Okutobala kudikira alendo. A Ishmael amakhala ku Milange, ndipo awoloka malire chifukwa cha nkhani imeneyi basi. Akadzakhala pa mpando tsiku lonse osaona munthu, ndiye kuti ndawanyoza kawiri, ndipo kachiwirika sikadzakhala koseketsa.

Ndikudziwa kuti ndalakwa. Munayenera kumva za Takondwa kalekale, kuchokera kwa ine, osati fakitale yonse itaululutira kale. Ndikudziwanso kuti Mzuzu ndi kutali ndipo bondo silikonda basi. Mukwere Lachinayi, mugone ku Limbe kwa abale athu a Stella, ine ndidzakutengani Lachisanu m'mawa. Zokalipa zonse mudzandikalipire mu minibasi, ndidzamvera mpaka pa Chonde osayankha.

Pa tsikulo ndalonjeza kale kwa Takondwa, kwa mayi anga ndi kwa a Pilato kuti sindidzatsegula pakamwa. Ndidzakhala pansi kumbuyo kwanu, manja pa mawondo. Ndalankhulira anthu asanu ndi awiri pa fakitale pano, koma pa nkhani yangayi ndilibe mawu, ndipo wondilankhulira wina ndilibe koma inu. Bambo anga kulibe, mukudziwa. Chonde bwerani, amalume.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze ayambe kusankha chitenje. Moni kwa Prince ndi Janeti, ndi onse a pakhomo panu. Mayi anga akupereka moni, ndipo akuti nandolo wanu akusungirani thumba lathunthu, koma satumiza, mudzatenge nokha.

Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pa msewu wautaliwo.

Ndine mphwanu wopanda chitseko pakamwa,
Hopeson.